Tsamba ili likuti 1906, ilo likuti 1898: mungadziwe bwanji mbiri ya munthu yodalirika pa intaneti?

Vutoli limagwera ana asukulu, atolankhani, aphunzitsi, ngakhale munthu amene wangopemphedwa kuti akawerenge mbiri ya mtsogoleri wina pamwambo. Mwatsegula masamba atatu ofotokoza za munthu mmodzi, ndipo lililonse likutchula chaka chake chobadwa. Lina likuti anali ndi mkazi, lina likuti sanakwatirepo. Ambiri akafika pamenepa amangowerenga kuti chaka chimene chatchulidwa kambiri ndi chiti, n'kutenga chomwecho. Njira imeneyi ndi imene imasocheretsa kwambiri, chifukwa masamba a pa intaneti amakoperana. Masamba makumi awiri onena chinthu chimodzi akhoza kukhala mboni imodzi yokha imene mawu ake abwerezedwa kambirimbiri. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: amene anayamba kulemba detili analidziwa bwanji?

Chitsanzo chabwino chophunzirirapo ndi cha Dr Hastings Kamuzu Banda, pakuti mavuto onse amene amapezeka m'mbiri za anthu alimo.

Masamba akusiyana pa chaka chobadwa

Mukafufuza za Kamuzu mupeza madeti awiri. Loyamba ndi 14 Meyi 1906, lomwe boma linkagwiritsa ntchito nthawi ya ulamuliro wake, ndipo mpaka lero 14 Meyi ndi tsiku la tchuthi lokumbukira iye. Lachiwiri ndi chaka cha 1898, kapena zaka zoyandikana nacho, chimene akatswiri ambiri a mbiri yakale amatchula. Kusiyana kwake ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndiye si nkhani ya kuphonya kwa chala polemba ayi.

Deti loyambalo limaoneka lamphamvu chifukwa lili ndi tsiku, mwezi ndi chaka, komanso linachokera kuboma. Koma musanalikhulupirire, liyeseni ndi masamu. Tengani pepala, lembani zochitika zina za moyo wa munthuyo zimene madeti ake sakayikitsa, kenako pambali pa chochitika chilichonse lembani zaka zimene akanakhala nazo malinga ndi deti lililonse.

Kamuzu anachoka ku Kasungu cha m'ma 1915, n'kuyenda wapansi kupita ku Southern Rhodesia, komwe anagwirako ntchito pachipatala ku Hartley, tawuni yomwe lero ikutchedwa Chegutu, asanapitirire ku South Africa. Asananyamuke anali atakhala kale pamayeso a uphunzitsi a mishoni ya Livingstonia. Ngati anabadwa mu 1906, ndiye kuti zonsezi anazichita ali ndi zaka 9. Mwana wa zaka 9 kulemba mayeso a uphunzitsi, n'kuyenda mtunda wonsewo, n'kulembedwa ntchito pachipatala, mutu ukukana. Koma ngati anabadwa mu 1898, anali mnyamata wa zaka 17, ndipo nkhaniyo ikumveka.

Tsopano taonani msampha wake. Mukangoyesa ndi zochitika za m'tsogolo, deti la 1906 limaoneka labwinobwino. Anapita ku America mu 1925 kukaphunzira ku Wilberforce, anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry mu 1937, anabwerera ku Nyasaland pa 6 Julayi 1958. Munthu wa zaka 19 kukayamba sukulu ku America, wa zaka 31 kukhala dokotala, wa zaka 52 kubwera kudzatsogolera ndale, palibe chodabwitsa. Deti lolakwika limagwidwa ndi zochitika za kuubwana, pomwe zaka zochepa zimasintha zambiri. Choncho poyesa, yambirani pa chochitika choyambirira chenicheni chomwe chili ndi umboni: ubatizo, kuyamba sukulu, ntchito yoyamba, mwana woyamba.

Philip Short, amene analemba buku la mbiri ya Kamuzu lomwe linatuluka mu 1974, anafika pa chaka cha 1898. Kamuzu atamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997, zaka zimene zinatchulidwa kwambiri zinali 99, zomwe zikugwirizana ndi 1898. Deti la boma likanapereka zaka 91.

Chifukwa chachikulu cha chisokonezo chonsechi n'chakuti panthawi imene Kamuzu ankabadwa, ana a m'midzi ya ku Nyasaland sankalembedwa m'kaundula wa boma. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala lamulo logwira ntchito m'Malawi posachedwapa, mu 2015, ndipo kalembera wamkulu wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017. Izi zikutanthauza kuti kwa Mmalawi aliyense wobadwira kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, tsamba lomwe likukupatsani tsiku lenileni lobadwa liyenera kufotokoza kuti tsikulo lachokera kuti. Likapanda kutero, likayikireni. Ine ndimakhulupirira kwambiri tsamba lolemba kuti "c. 1898", kutanthauza "cha m'ma 1898", n'kufotokoza za mkanganowo, kusiyana ndi lomwe lalemba tsiku lathunthu mopanda chikayiko. Loyambalo likusonyeza kuti wolemba wake anawerenga mpaka kukumana ndi vutolo. Lachiwirilo linangotola nambala penapake.

Deti losakaniza, lomwe palibe mboni inalinenapo

Pa Kamuzu yemweyo pali deti lachitatu limene mungalione: 14 Meyi 1898. Deti limeneli limabadwa pamene wina watenga tsiku ndi mwezi kuchokera ku deti la boma, n'kutenga chaka kuchokera kwa akatswiri a mbiri, n'kuzilumikiza kuti zikwane m'kabokosi kofuna tsiku, mwezi ndi chaka. Limaoneka ngati lothetsa mkangano, pomwe ndi chigamba chabe. Amene anakana chaka cha 1906 sanatsimikizire kuti tsiku la 14 Meyi ndi lolondola.

Timabokosi timeneti ndi gwero la mabodza ambiri. Mawebusayiti olemba za masiku obadwa a anthu otchuka amafuna kuti bokosi lililonse lidzaze, ndipo pamene tsiku silikudziwika ena amangoikapo 1 Januwale. Mukaona munthu wakale wolembedwa kuti anabadwa pa 1 Januwale, ganizani kaye kuti mwina chodziwika ndi chaka chokha. Kwathu kuno agogo ambiri ali ndi deti lotere pa ziphaso zawo pa chifukwa chomwechi.

Tchuthi nachonso chimasokoneza. Tsiku lokumbukira M'busa John Chilembwe ndi 15 Januwale, koma si tsiku limene anaphedwa, komanso si limene nkhondo yake inayamba. Nkhondoyo inayamba pa 23 Januwale 1915 ndipo iye anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915. Chaka chake chobadwa chimalembedwa kuti cha m'ma 1871. Tsamba limene latenga tsiku la tchuthi n'kulisandutsa tsiku la imfa yake ladziulula lokha kuti wolemba wake sanafufuze, ndipo zina zonse zili pamenepo muziyambe mwazikayikira.

Tsiku la imfa likusiyana ndi masiku awiri kapena atatu

Kusiyana kochepa kotere nthawi zambiri kumabwera chifukwa chosokoneza tsiku lomwalira, tsiku lolengeza, ndi tsiku loika maliro. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anadwala mwadzidzidzi ku Lilongwe pa 5 Epulo 2012, koma boma linalengeza za imfa yake pa 7 Epulo, tsiku lomwe Mayi Joyce Banda analumbiritsidwa. Bungwe lofufuza za imfayo, lomwe lipoti lake linatuluka mu 2013, linapeza kuti anamwalira pa 5 Epulo pomwepo. Nkhani zolembedwa m'masiku a chisokonezo aja zikadali pa intaneti, ndipo zina zimatchula madeti ena.

Apa pali phunziro lomwe limasemphana ndi zomwe ambiri amaganiza. Timazolowera kunena kuti umboni wolembedwa nthawi yomweyo ndiwo wabwino koposa. Nthawi zambiri n'zoona, koma si pamene panali anthu ofuna kubisa kapena kuchedwetsa nkhani. Pa imfa ya Bingu, lipoti lolembedwa patapita miyezi, anthu amene analipo atafunsidwa, ndi lolimba kuposa chilengezo cha sabata yomweyo. Ndiye muziona deti limene tsambalo linalembedwa, n'kudzifunsa ngati pambuyo pake panatuluka china chokonza.

Samalaninso ndi madeti olembedwa m'manambala okhaokha. Kwa ife 05/04/2012 ndi 5 Epulo, koma wa ku America awerenga kuti 4 Meyi. Mukaona masamba awiri akusiyana mwakuti nambala ya tsiku ndi ya mwezi zangosinthana malo, vuto lake ndi lomweli basi, ndipo nkhani ya m'nyuzi yolemba mwezi m'mawu ikuthetserani.

Masamba onse akunena chimodzimodzi, koma mtima sukukhazikika

Apa m'pofunika kufufuza amene anakopera mnzake. Tengani chiganizo chimodzi chachilendo pa tsambalo, cha mawu asanu ndi awiri kapena khumi, muchiike pakati pa zizindikiro zogwira mawu m'bokosi lofufuzira. Mwachitsanzo:

```
"Banda was born" "Kasungu" 1906
```

Chitsanzochi chikuonetsa kaikidwe ka zizindikirozo. Inu muikemo chiganizo chenicheni chomwe mwakopera. Mukapeza masamba khumi okhala ndi chiganizo chomwecho liwu ndi liwu, nthawi zina ndi cholakwika chomwecho cha kalembedwe ka dzina, muwawerenge onsewo ngati tsamba limodzi. Kuti mudziwe lomwe linayamba, ikani adiresi ya tsambalo pa web.archive.org, pomwe pamasungidwa zithunzi zakale za masamba ambiri pamodzi ndi madeti ake.

Wikipedia anthu amainyoza mopitirira, enanso amaikhulupirira mopitirira. Ubwino wake ndi wakuti imakulolani kuona kukhitchini. Pafupi ndi deti payenera kukhala kanambala kakang'ono. Kadineni, muone ngati kakukutengerani ku buku, ku magazini ya akatswiri, kapena ku nyuzi yodziwika. Pakakhala mawu akuti citation needed, ndiye kuti palibe amene wabweretsa umboni. Dinaninso View history kuti muone amene anasintha detilo ndi nthawi yomwe anasintha. Ngati chaka chobadwa chakhala chikusinthidwasinthidwa popanda chifukwa cholembedwa, musachitenge. Pa Talk m'pomwe olemba amakangana, ndipo kawirikawiri mkangano umenewo umakuphunzitsani zambiri kuposa nkhani yeniyeniyo.

Pali vuto limodzi lobisika kwambiri. Wina amalemba deti longopeka pa Wikipedia. Mtolankhani wothamangira nthawi amalikopera m'nyuzi. Kenako wina amatenga nyuziyo n'kuiika ngati umboni wa deti lomwe lija pa Wikipedia. Tsopano bodzalo lili ndi kanambala kake, ndipo likuoneka lotsimikizika. Njira yoligwirira ndi kuyerekeza madeti: onani pa View history tsiku limene detilo linalowa, ndipo onani tsiku limene nyuziyo inatuluka. Nyuzi ikakhala yam'mbuyo kuposa kulowa kwa detilo, ndi umboni woima pawokha. Ikakhala kuti inatuluka detilo litalowa kale, n'kutheka kuti ikungobwereza, ndipo mufunika kupeza china chakale kuposa zonse ziwiri.

Ndipo kanambalako musangokaona, katseguleni. Zimachitika kuti buku lotchulidwalo likunenadi za munthuyo koma silikutchula deti lomwe lamamatizidwa pa ilo.

Za banja: mkazi, ana, abale

Madeti amayesedwa ndi masamu, koma nkhani za banja n'zovutirapo, ndipo kulakwitsa kwake kumapweteka anthu amoyo.

Cholakwika choyamba chimachokera ku mayina ofanana. Olemba akunja, ndiponso mawebusayiti amene amangosonkhanitsa mayina popanda munthu wowerenga, akaona Banda awiri m'ndale amaganiza kuti ndi banja limodzi. Mayi Joyce Banda si mwana kapena m'bale wa Kamuzu: kwawo ndi a Mtila a ku Zomba, ndipo dzina la Banda ndi la amuna awo, a Richard Banda, amene anakhalapo mkulu wa oweruza milandu. A Rupiah Banda, amene analamulira Zambia, nawonso sanali a banja la Kamuzu. Banda ndi Phiri ndi ziwongo za anthu miyandamiyanda m'maiko angapo, ndipo tsamba lomwe likumanga ubale pa chiwongo chokha silikuwadziwa anthu amene likuwalemba. Kumbali ina, Bingu ndi Peter Mutharika analidi pachibale, mkulu ndi mng'ono wake. Ubale ukakhalapo umakhala ndi umboni wake, sudalira dzina.

Dzina lokha limathanso kusintha. Bingu anabadwa mu 1934 ali Brightson Webster Ryson Thom. Mukamafufuza zolembedwa za kuubwana ndi kusukulu kwake pogwiritsa ntchito dzina la Mutharika lokha, mukhoza kuphonya zambiri. Tsamba labwino limatchula mayina akale a munthu, ndipo limenelo ndi limodzi mwa zizindikiro zosonyeza kuti wolemba wake anakumba mozama.

Cholakwika chachiwiri ndi kupatsa munthu udindo wa m'banja umene analibe. Mayi Cecilia Kadzamira anakhala pambali pa Kamuzu zaka zambiri, ndipo pazithunzi za boma amaoneka pamalo pomwe m'maiko ena pamakhala mkazi wa mtsogoleri. Koma udindo wawo unali wolandira alendo a boma, ndipo Kamuzu sanalengezepo ukwati. Tsamba lomwe lawalemba m'bokosi la mkazi langoganizira poona zithunzi. Chimodzimodzi pa nkhani ya ana: Kamuzu sanavomerezepo poyera mwana aliyense. Atamwalira panatuluka wina wonena kuti ndi mwana wake, ndipo nyuzi zinalemba zambiri. Tsamba lodalirika limafotokoza kuti munthu wakuti ananena zakuti, n'kusiyira pomwepo. Losadalirika limangolemba dzinalo pamzere wa ana ngati nkhani yotha. Muziyang'ana mawu ang'onoang'ono amenewa, chifukwa "ananena kuti" ndi "anali" amakonda kusanduka chinthu chimodzi nkhani ikamadutsa m'manja mwa okopera.

Chachitatu chimatikhudza ifeyo mwapadera. Mbiri zambiri za anthu athu zinalembedwa m'Chingelezi, chomwe chimagawa ubale mosiyana ndi ife. Munthu akauza wofufuza kuti "awa ndi bambo anga", akhoza kukhala akunena bambo aang'ono kapena aakulu. Akati "mchimwene wanga", akhoza kukhala mwana wa mayi aang'ono. Wofufuzayo akalemba ngati bambo womubereka kapena m'bale wa bere limodzi, cholakwikacho chimakhazikika. Kumbali inayo, Chingelezi chili ndi liwu limodzi lophatikiza malume ndi bambo aang'ono, pomwe kwa Achewa kusiyana kwa awiriwa n'kwakukulu, pakuti malume ndiye mwini mbumba. M'mbiri ya Kamuzu mumatchulidwa M'busa Hanock Msokera Phiri, amene anali naye limodzi ku Rhodesia ndi ku South Africa. Mukamamasulira ubale wawo, chiwongo chikuthandizani: mayi a Kamuzu anali a Phiri, bambo ake a Banda, ndiye a Hanock ndi a kuchikazi, malume. Kuyang'ana chiwongo motere sikutsimikizira zonse, koma kumakuuzani mbali yoti mufufuze.

Pomaliza pa za banja, onani ngati tsambalo ndi lakale. Mayi Ethel Mutharika anamwalira mu 2007 ndipo Bingu anakwatira Mayi Callista mu 2010. Tsamba lolembedwa mu 2005 ndi lolembedwa mu 2011 atchula akazi osiyana, ndipo onse sakunama. Chimodzimodzi chiwerengero cha ana: tsamba lina liwerenga amoyo okha, lina onse obadwa, lina a banja loyamba okha.

Masamba oti mungowatseka

Pali mtundu wa masamba umene sindiona chifukwa chotayira nawo nthawi. Mutu wake umalonjeza zaka, mkazi, msinkhu ndi chuma cha munthu zonse pamodzi. Mulibe dzina la wolemba, mulibe deti, mulibe pomwe zachokera, koma zotsatsa malonda zili thoo. Kawirikawiri amadzitsutsa okha: pamwamba chaka chobadwa china, pansi zaka zosagwirizana nacho. Cholinga chawo n'chakuti mudine, basi. Yerekezani ndi malo ngati dacb.org, osunga mbiri za atsogoleri a chikhristu a mu Africa, pomwe nkhani zimakhala ndi dzina la wolemba ndi mndandanda wa komwe anatenga mfundo zake. Kumeneko nakonso kukhoza kukhala zolakwika, koma muli ndi poyambira kuzitsata.

Tsamba la chipani, la banja, kapena mbiri yowerengedwa pamaliro lili pakatikati. Pa mayina a makolo, mudzi ndi mfumu, a kubanja amadziwa kuposa wina aliyense. Pa maukwati akale ndi ana akunja, iwo omwewo ndi amene amasiya zina dala. Muwakhulupirire pa zimene alibe chifukwa chobisira.

Mukafufuza zonse koma yankho limodzi osapezeka

Zikatere musasankhe deti limodzi n'kulilemba ngati lotsimikizika, chifukwa mukatero mwawonjezera tsamba lina pa mulu wa okopera. Lembani zimene umboni ukulola. Pa Kamuzu mukhoza kulemba motere: "Anabadwira ku Kasungu cha m'ma 1898, ngakhale boma lake linkagwiritsa ntchito 14 Meyi 1906." Chiganizo chimenechi n'choona chonse, ndipo wowerenga akadzakumana ndi deti lina sadzadabwa. Ngati ndinu wophunzira ndipo buku la kusukulu likutchula deti lina, pamayeso tsatirani bukulo, koma mufunseni mphunzitsi za kusiyanako.

Ngati nkhaniyo ndi yofunika kwambiri, monga yokasindikizidwa kapena yokalembedwa pamwala wa chikumbutso, intaneti ikhale poyambira chabe. Zolembedwa zakale za boma zili ku National Archives ku Zomba, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi mabuku ndi magazini akale ambiri. Kwa munthu wobadwa kalembera wa boma asanafike kumidzi, mabuku a ubatizo a ku mishoni ndiwo amakhala umboni wakale kuposa onse. Pofunsa ku tchalitchi tengani dzina la ubatizo, dzina la kumudzi, mayina a makolo ndi mudzi, chifukwa munthu mmodzi akhoza kulembedwa ndi lililonse mwa amenewa. Mukalipeza bukulo, onetsetsani mzere umene mukuwerenga: deti lolembedwa poyera ndi la ubatizo, ndipo anthu ambiri a nthawi imeneyo ankabatizidwa ali anyamata kapena akuluakulu atamaliza kalasi, kotero chaka chobadwa chikhoza kukhala zaka khumi kapena kuposerapo m'mbuyo mwake.